Ndikufuna tsitsi la 27 mutu wonse: kodi lindikhala?

"Zikomo amayi. Ndimakhala ku Mpondasi, kuno ku Mangochi. Tsitsi langa ndi lachilengedwe, lakuda bii, silinalowe rilakisa kwa zaka 3 ndipo ndikalikoka limafika masentimita 12. Miyezi 8 yapitayo ndinapaka dayi wakuda wa ufa uja wosungunula ndi madzi chifukwa nsonga zinkafiirira. Mng'ono wanga akukwatiwa pakatha masabata 6, ndiye ndikufuna mtundu wa 27 mutu wonse ngati wa mnzanga, koma ndikuopa. Ine ndine wakuda ndithu. Ndolo za siliva zimandikhala, chitenje cha olenji chimandituwitsa, koma ndikavala cha maruni anthu amandiyamikira. Mitsempha ya pamkono amati ndiyang'ane ija sindikuiona n'komwe. Ndisankhe mtundu uti, nanga ndipake mutu wonse kapena mahayilaiti okha?"

Achemwali, mtima m'malo. Kuda kwa khungu sikuletsa munthu kupaka mtundu wowala, ndipo mwachita bwino kufunsa dayi asanafike m'mutu. Ndiyambe ndi kukuuzani maganizo anga mosabisa: mukanakhala pampando wanga lero, 27, mtundu wa chikasu chagolide uja, mutu wonse sindikanakupakani. Ndikanakulangizani mtundu wofiira moderako ngati vinyo, umene pa meshi timautchula kuti 99J, ndipo ndikanauyika ngati mahayilaiti. Zifukwa zake ndi ziwiri, china chili pa khungu lanu, china chili mu tsitsi lanu, ndipo mwamwayi zonse zikuloza kumodzi.

Tiyambe ndi khungu. Anthu ambiri akamasankha dayi amangoyang'ana ngati munthu ndi woyera, woderapo kapena wakuda. Zimenezo zimathandiza pang'ono chabe. Chimene chimachititsa kuti mtundu ukukhaleni kapena ukutuwitseni ndi kamtundu kena kamene kali pansi pa kudako. Akazi awiri akhoza kuda mofanana, koma wina khungu lake likawala limapita ku chikasu kapena golide, pomwe la mnzake limapita ku kufiira kozama kokhala ngati kuli ndi kabuluu. Loyambalo ife a m'saluni timati ndi khungu lotentha, lachiwirilo lozizira, ndipo pali ambiri amene ali pakati. Za mitsempha zija zisakuvuteni. Njira imeneyo imayenda pa khungu loyera kwambiri pomwe mitsempha imaonekera. Pa khungu ngati lathu mumangotopetsa maso.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya meshi, chifukwa mumayesa mtundu weniweniwo pa nkhope yeniyeniyo. Pitani ku saluni kapena kwa ogulitsa meshi pamsika, mupemphe tizidutswa ta mitundu inayi: 27 wonga uchi uja, 30 wa bulauni wopita ku mkuwa, 33 wa bulauni wakuda wofiirira, ndi 99J. M'saluni tizidutswa totere timatsala tsiku lililonse, sakukanizani. Sambani kumaso, musadzole paudala kapena chilichonse chosintha khungu, mangani tsitsi lanu ndi mpango woyera, ndipo muvale malaya oyera kapena mudzifunditse nsalu yoyera paphewa kuti mtundu wa chovala usasokoneze. Kenako khalani pakhonde, pamthunzi, m'mawa dzuwa lisanakwere kwambiri. Musayesere padzuwa la masana la kuno kwathu, limawalitsa chilichonse mpaka simuona kusiyana. Musayesenso usiku pa babu, chifukwa babu lachikasu limakometsa mitundu yonse yotentha ndipo loyera kwambiri limatuwitsa aliyense.

Tengani kachidutswa kamodzi, kagonekeni kuchokera pa tsaya kutsika chibwano mpaka pakhosi, muyang'ane pagalasi. Pano pali chinsinsi chimene ambiri amachiphonya: musayang'ane meshiyo. Meshi yatsopano imakongola nthawi zonse. Yang'anani khungu limene lili pambali pake. Mtundu wokukhalani umachititsa khungu kuoneka losalala ndi lamoyo, maso amayera, milomo imaoneka mtundu wake. Mtundu wosakukhalani umatulutsa zimene simunkaziona: kuda kwa pansi pa maso kumakula, timadontho ta ziphuphu zakale timaonekera, kuzungulira pakamwa kumatuwa ngati simunadzole mafuta. Sinthanitsani tizidutswato kangapo, awiri awiri, 27 ndi 99J, kenako 30 ndi 33. Muitane munthu mmodzi wosakunyengererani adzaone nanu. Chithunzi cha pafoni musachidalire kwambiri, chifukwa mafoni ambiri amakonza okha mtundu wa khungu.

Ndanena kuti meshi ifike pakhosi dala. Kuno ku nyanja dzuwa limawotcha chipumi ndi masaya, ndiye nkhope imatha kuda kapena kufiirira kuposa khosi ndi chifuwa. Kwa amene amafunda mpango tsiku lonse, m'mbali mwa nkhope mumakhala mowala kuposa pakati. Ndipo amene amadzola mafuta oyeretsa khungu, nkhope yawo siinenanso zoona n'komwe: imatha kuoneka yachikasu kapena yofiira pomwe khosi ndi manja zili ndi mtundu wina. Tsitsi limakhala pafupi ndi zonsezi nthawi imodzi, choncho ngati nkhope ndi khosi zikusiyana, khulupirirani khosi.

Zizindikiro zimene mwandipatsa zikugwirizana bwino lomwe. Siliva kukukhalani, olenji kukutuwitsani, maruni kukuwalitsani, zonsezi ndi za khungu lozizira. Tsono 27 ndi mtundu wa chikasu chagolide, m'bale wake wa olenji yemwe uja. Zimene chitenje chija chimachita pa nkhope yanu ndi zimene tsitsi la 27 lizichita, koma chitenje mumavula madzulo pomwe tsitsi mukhala nalo miyezi. Mnzanu uja mwina khungu lake ndi lotentha, n'chifukwa chake 27 imamuwala. Komabe yesani meshi ija musanamange mfundo, chifukwa ine sindinakuoneni ndi maso. Mukapeza kuti 30 ndiye ikukuwalitsani ndipo 99J ikukudetsani nkhope, ndiye kuti muli kumbali yotentha ndipo njira yanu ndi ya mkuwa ndi bulauni wagolide. Mukapeza kuti 30 ndi 99J zonse zilibe vuto, muli pakati, ndipo 33 ndi mtundu umene sukhumudwitsa anthu otero.

Tsopano tibwere ku tsitsi, komwe kuli nkhani yaikulu. Khungu limakuuzani mtundu umene ungakukhaleni, koma tsitsi ndi limene limanena ngati mtunduwo ungatheke popanda kuliwononga. Opanga dayi amayeza kuda kwa tsitsi ndi masitepe kuyambira 1, lakuda bii, mpaka 10, loyera mopita ku chikasu chotuwa. Tsitsi la ambiri a ife lili pa 1 kapena 2. Likamayeretsedwa silidumpha kuchoka pa kuda kufika pa chikasu. Limadutsa njira imodzi nthawi zonse: limayamba kufiira moderako cha pa sitepe 4, limafiira mopita ku olenji pa 5, limakhala olenji weniweni pa 6, kenako olenji wachikasu pa 7, chikasu cha pa 8 ndi 9, mpaka chikasu chotuwa pa 10. Kufiira kumeneko si vuto la dayi kapena la wopaka. Kuli kale m'kati mwa tsitsi, kumangobisika ndi kuda. Mwakuona kale inu: nsonga zanu zija zinkafiirira chifukwa dzuwa linayamba kudya kuda kwa pamwamba, kufiira kwa m'kati n'kuonekera.

Mukamvetsa njira imeneyi, kusankha kumaphweka. Mtundu wa 99J umakhala cha pa sitepe 4 kapena 5, pomwe tsitsi lanu limakhala lofiira kale palokha. Mukungolikweza masitepe awiri kapena atatu, ndipo kufiira kumene likutulutsa kukuthandiza dayiyo m'malo molimbana naye. Koma 27 ili cha pa 7 kapena 8. Kuchokera pa 2 ndi masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo dayi wamba sakwera pamenepo. Pamafunika bulichi, nthawi zambiri kawiri. Amene amagula bokosi lokhala ndi chithunzi cha mkazi wa tsitsi lachikasu n'kupaka pa tsitsi lakuda amathera pa olenji, chifukwa mphamvu ya m'bokosimo imathera pa sitepe 5 kapena 6. Ndipo olenji, monga mukudziwa kale, ndiye mdani wa nkhope yanu.

Mphamvu yokweza tsitsi ili mu divelopa, madzi oyera ngati mkaka amene timasakaniza ndi dayi. Pabotolo pamalembedwa 10 vol, 20 vol, 30 vol kapena 40 vol, kapena 3%, 6%, 9% ndi 12%, zimene zili chimodzimodzi motsatana. Wa 10 amangolowetsa mtundu osayeretsa kwenikweni. Wa 20 amakweza sitepe imodzi kapena awiri, wa 30 awiri kapena atatu. Wa 40 ndi woopsa pa tsitsi lathu lopotana, ndipo wosakaniza ndi bulichi asafike pakhungu la m'mutu zivute zitani, amawotcha. Tsitsi lachilengedwe limaoneka lolimba chifukwa cha kuchuluka kwake, koma tsitsi limodzi palokha ndi losalimba, limaduka mosavuta pamene lapindika. Bulichi wobwerezabwereza amalisiya louma, limataya kupotana kwake, ndipo likanyowa limatamuka ngati labala n'kuduka. Likafika pamenepo palibe mafuta amene angalibwezeretse, limangofunika kumeta.

Mwina wina akuuzani kuti, poti khungu lanu ndi lozizira, ndiye mupake chikasu chozizira, chotuwa ngati phulusa kapena choyera kwambiri ngati meshi ya 613. N'zoona kuti mitundu imeneyo imagwirizana ndi khungu lozizira, ndipo pa munthu wakuda imatha kukongola kwabasi. Koma kuti mtundu wa phulusa uoneke, tsitsi liyenera kudutsa kufiira konse ndi olenji yense mpaka pa 9 kapena 10. Dayi wa phulusa wopakidwa pa tsitsi limene lili pa olenji satulutsa phulusa, amatulutsa bulauni wakufa, wopanda kuwala, nthawi zina wopita ku khaki. Pa tsitsi lakuda mitundu yofiira imabwera mosavuta, yotuwa imalipiridwa ndi tsitsi lenilenilo. Inu muli ndi mwayi chifukwa kufiira kopita ku pepo ndi mtundu wozizira umene uli pafupi ndi pomwe tsitsi lanu layambira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi dayi wakuda uja. Dayi sachotsa dayi mnzake. Divelopa amatha kuyeretsa kuda kwachilengedwe, koma kuda kopakidwa sakusuntha. Kupaka 99J pamwamba pa dayi wakuda kuli ngati kulemba ndi bolopeni yofiira pa pepala lakuda. Tiyeni tiwerengere pa mutu wanu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, la ena kucheperapo pang'ono. Pa miyezi 8 mwameretsa masentimita 6 mpaka 8 a tsitsi latsopano losapakidwa kanthu. Kuchotsera pa 12, kwatsala masentimita 4 mpaka 6 a kunsonga amene ali ndi dayi wakale. Ndi maso simungaone malire ake chifukwa konse n'kwakuda. Koma mukapaka dayi wofiira mutu wonse lero, malirewo aonekera poyera: kumizu kudzafiira bwino, kunsonga kudzakhala kwakuda bii. Pa tsitsi la afulo limene nsonga ndi zimene zimaonekera kunja, anthu adzangoona mutu wakuda wokhala ndi moto pansi.

Palinso china. Madayi akuda a ufa amasiyana zimene ali nazo m'kati. Ambiri ndi dayi wamba wokhalitsa, koma ena, makamaka ogulitsidwa ngati hina wakuda, amakhala ndi hina kapena mchere wa zitsulo. Tsitsi lokhala ndi mchere wa zitsulo likakumana ndi bulichi limatha kutentha, kuchita thovu, kusanduka lobiriwira kapena kuduka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake sindilola bulichi kufika pa mutu umene unapakidwa dayi wosadziwika tisanayese. Kuyesako n'kosavuta. Dulani kamtolo kakang'ono ka tsitsi kumbuyo, pamwamba pa khosi pang'ono, kuyambira pafupi ndi mizu kuti mbali zonse ziwiri, yatsopano ndi yakale, zikhalepo. Kamangeni ndi ulusi kumizu n'kukagawa pawiri. Theka lina lipakidwe bulichi wosakaniza ndi divelopa wa 20 m'kambale ka pulasitiki kapena galasi, osati kachitsulo. Theka linalo lipakidwe dayi wofiira amene mukufunayo ndi divelopa wa 30. Yang'anani mphindi 10 zilizonse mpaka theka la ola. Kambale kakatentha, kakachita thovu lachilendo kapena fungo loipa, bulichi iwalani. Kakapanda kutero, tsukani, umitsani, muone zinthu zitatu: malire a dayi wakale ali pati, nsonga zayera kufika pati, ndipo mukakoka tsitsi lonyowalo likubwerera kapena likuduka. Zimenezi muchite sabata ino yomwe, chifukwa zotsatira zake ndi zimene zinene njira yoti mutsate.

Njira yoyamba, imene ndimaikonda chifukwa siifuna bulichi, ndi kudula nsonga zakalezo. Ndikudziwa kuti kutaya masentimita 4 mpaka 6 pa 12 kumawawa, koma nsongazo n'zimene zinapsa kale ndi dzuwa, n'kulandiranso dayi. Zikachoka mumatsala ndi tsitsi losakhudzidwa, ndipo dayi wofiira ndi divelopa wa 30 amakwanira. Pabokosi kapena pachubu fufuzani nambala yoyamba ndi 4 kapena 5. Nambala yoyambayo ndi sitepe, zimene zili kumanja kwa kadontho ndi mtundu. Makampani ambiri amagwiritsa ntchito 6 pa kufiira, 2 pa pepo, 5 pa kufiira kwa bulauni, 4 pa mkuwa, 3 pa golide ndi 1 pa phulusa, ndiye 4.62 kapena 5.62 ndi kufiira kopita ku pepo, pafupi kwambiri ndi 99J. Koma si makampani onse amatsata nambala zimenezi, choncho muzitenga kachidutswa ka meshi kaja pokagula kuti mufananize ndi tchati chawo. Dziwaninso kuti nambala za meshi ndi za dayi n'zosiyana. Mukangofika pa shopu n'kunena kuti mukufuna dayi wa 30 kapena 33, mukhoza kupatsidwa china chake. Ndipo inu mupewe chilichonse chimene chili ndi 4 kapena 3 kumanja kwa kadontho, chifukwa chikasuluka chimapita ku olenji.

Njira yachiwiri, ngati simukufuna kudula ndipo kamtolo kaja kapirira bulichi, ndi mahayilaiti a masitepe awiri. Wopaka amayeretsa timitolo tosankhidwa ndi bulichi ndi divelopa wa 20, mu foyilo, kuyambira kunsonga komwe kuli dayi wakale chifukwa n'kumene kumachedwa, kenako n'kukweza ku tsitsi latsopano. Sakufunika kulifikitsa kutali. Likangofika pa kufiira kopita ku olenji, cha pa sitepe 5, atsuke. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, amalisiya mpaka lichite chikasu poganiza kuti ndiye mtundu uwala, pomwe dayi wofiira pa tsitsi lachikasu amasuluka msanga n'kusiya pinki. Akatsuka apake 4.62 kapena 5.62 ndi divelopa wa 10 yekha, kwa mphindi zimene zalembedwa papepala la m'bokosi. Ngati saluni ili ndi mankhwala ochotsera dayi wakale, amene amanunkha ngati mazira owola, ndi abwinoko kuposa bulichi pa nsongazo chifukwa amachotsa kuda kopakidwa osadya tsitsi kwambiri, ngakhale pa hina sagwira.

Mwafunsa ngati mupake mutu wonse kapena ayi. Ine ndikuti mahayilaiti, ndipo si chifukwa cha mantha okha. Tsitsi lanu lakuda limagwirizana kale ndi khungu lanu, nsidze zanu ndi maso anu. Mukalisiya ngati maziko, mtundu watsopano umaoneka wozama, ndipo mizu ikamamera palibe mzere woti muzithamangira kukabisa mwezi uliwonse. Pa tsitsi lopotana ngati lanu, timizere tating'onoting'ono timene amaika pa tsitsi lowongoka timasowa m'kati, simungatione. Timitolo tikhale tokula ngati chala, tochuluka pamwamba pa mutu ndi kutsogolo, tochepa kumbuyo, ndipo tonse pamodzi tisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a tsitsi lonse. Muuze wopakayo mmene mumakonzera tsitsi masiku ambiri. Ngati mumalimanga pamwamba, mtundu uyenera kukhala kunsonga ndi m'mbali. Ngati mumalipota, aike mtundu motsata mmene mumagawira. Asiye sentimita imodzi kapena ziwiri kuchokera pakhungu, ndipo tsitsi lofewa la pachipumi ndi la m'mbali mwa makutu asalikhudze konse, chifukwa ndi limene limayamba kuthothoka, makamaka ngati mumaluka kawirikawiri.

Mukadula nsonga n'kusankha kupaka mutu wonse, n'zothekanso ndi 99J, koma dayi ayambire pakati mpaka kunsonga, mizu ibwere pomalizira. Kutentha kwa mutu kumafulumizitsa dayi pa sentimita ziwiri zoyambirira, ndipo ndi kutentha kwa kuno kumafulumira koposa. Akayambira kumizu mudzatuluka ndi mizu yowala kuposa tsitsi lonse.

Ngati mtima ukadali pa 27, njira ilipo yosavulaza tsitsi: lukani. Meshi yosakaniza 1B, wakuda uja, ndi 27, yakuda kumizu n'kumawala kunsonga, imasiya kuda pafupi ndi nkhope ndipo chikasu chimakhala kutali, paphewa, komwe sichingakutuwitseni kwambiri. Mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi 99J kwa masabata awiri kapena atatu kuyambira pano, kuti muone ngati mtunduwo mukuukondadi musanaupake. Koma mumasule padakali sabata yathunthu tsiku lopaka lisanafike, kuti khungu la m'mutu lipume. Dayi asapakidwe pa mutu wokhala ndi zilonda, wokandidwa, kapena wongomasula kumene.

Tsopano za chitetezo, ndipo apa musanyalanyaze. Madayi ambiri okhalitsa, makamaka akuda ndi oderako, ali ndi mankhwala otchedwa PPD kapena abale ake, ndipo thupi limatha kuyamba kudana nawo ngakhale munapakapo kale popanda vuto. Kukatsala maola 48 kuti mupake, ikani kadontho ka dayi yemweyo kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono motsata malangizo a papepala lake, n'kuyang'anira masiku awiri athunthu. Pakayabwa, kutupa, kufiira kapena kutuluka matuza, dayi ameneyo si wanu, ndipo musangosintha kampani chifukwa ambiri ali ndi mankhwala ofanana. Kuno ambiri timajambulitsa hina m'manja pa maukwati ndi pa Idi. Ngati hina wakuda anakutulutsanipo matuza kapena kukusiyirani zipsera, musapake dayi wokhalitsa musanaonane ndi adokotala, chifukwa hina wakudayo nthawi zambiri amadetsedwa ndi PPD yemweyo. Ndipo popaka, kuwawa kwenikweni kukayamba, tsukani msangamsanga ndi madzi ambiri, osapirira. Zikope, milomo kapena nkhope zikatupa, kapena mukayamba kubanika, thamangani ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chilichonse chapafupi nthawi yomweyo, mutatenga bokosi la dayiyo. Kutupa kwina kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri, nako n'koyenera kupita nako kuchipatala.

Za nthawi, pakani kukatsala masiku 7 mpaka 10 kuti ukwati uchitike. Dayi wofiira amatuluka m'madzi pochapa koyamba ndi kachiwiri, ndipo ndi thukuta amatha kudetsa mpango, kolala ndi pilo. Mukufuna kuti zimenezo zithe tsiku la ukwati lisanafike, koma mtundu ukadali watsopano. Masiku amenewo amakupatsaninso mpata wokonza ngati china sichinayende.

Dziwani kuti kufiira ndi mtundu umene umasuluka msanga kuposa yonse, ndipo dzuwa la Mangochi siliuchitira chifundo. Mukamayenda masana fundani mpango kapena chipewa. Chapani ndi madzi ozizira, kamodzi pa sabata, ndi shampu wofewa, osati sopo wochapira zovala, n'kutsatiza kondishona nthawi zonse. Mukapita kosamba kunyanja, nyowetsani tsitsi ndi madzi oyera n'kupaka kondishona musanalowe, ndipo mutsuke mukatuluka. Madzi a mijigo ina ali ndi kamchere kapena kadzimbiri kamene kamaphetsa kuwala kwa mtundu, ndiye ngati wa kwanu uli choncho, tungani a pampopi kapena a mvula ochapira kumutu. Pakatha masabata 4 mpaka 6 mudzaona timitolo tija tikuyamba kupita ku mkuwa. Pamenepo musabwereze bulichi kapena divelopa wa 30. Pakani dayi wosasakaniza ndi divelopa wa mtundu wa vinyo, amene amangomata pamwamba, kapena 5.62 yemwe uja ndi divelopa wa 10 pa timitolo tokhato. Shampu wa pepo amene amagulitsira a tsitsi lachikasu sangakuthandizeni pano, chifukwa amaphimba chikasu, osati olenji.